Kuwerenga Makhadi pa Bulakijaki: Nzeru Yoona ya Phindu Lochepa

Mu 1961, mphunzitsi wina wa masamu wa ku Amereka, Edward Thorp, anapita ku nyumba za njuga za m'dera la Nevada atatenga madola 10,000 omwe anthu ena olemera anamupatsa kuti akayesere nzeru yake. Patangopita masiku ochepa anabwerako ndi phindu la madola 11,000. Chaka chotsatira, mu 1962, anatulutsa buku lotchedwa Beat the Dealer, momwe anafotokoza poyera kuti masewera a makhadi otchedwa bulakijaki angathe kugonja kwa munthu amene akutsatira makhadi omwe atuluka. Kuyambira nthawi imeneyo, mbiri ya owerenga makhadi yakhala ikukometsedwa m'mafilimu, monga Rain Man ya mu 1988 ndi 21 ya mu 2008, mpaka anthu ambiri amaganiza kuti wodziwa kuwerenga makhadi amangolowa mu kasino n'kukatuta ndalama.

Nzeru ya Thorp ndi yoona. Koma chimene mafilimu sanena n'chakuti phindu lake ndi laling'ono zedi, pafupifupi dola imodzi pa madola 100 alionse amene munthu wabetcha, ndipo kawirikawiri silifika n'komwe pamenepo. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyamba ndi masewerawo.

Mmene bulakijaki imaseweredwera

Pa tebulo la bulakijaki, osewera sapikisana okhaokha. Aliyense amapikisana ndi wogawa makhadi, yemwe ndi wantchito wa kasino. Cholinga n'chakuti makhadi ako akaphatikizidwa ayandikire 21 kuposa a wogawayo, koma asapitirire 21. Makhadi a 2 mpaka 10 amawerengedwa monga alembedwera. Makhadi a zithunzi, J, Q ndi K, lililonse ndi 10. Khadi la A limatha kukhala 1 kapena 11, malinga ndi zimene zikukukomera.

Ukabetcha, umalandira makhadi awiri. Wogawa nayenso amatenga awiri, koma amaonetsa limodzi lokha. Kenaka umasankha kuwonjezera khadi kapena kuima. Ungathenso kuwirikiza ndalama yako n'kulandira khadi limodzi lokha, kapena kupatula makhadi awiri ofanana kuti aliyense akhale gemu payekha. Wogawa alibe ufulu wosankha ngati umenewu. Lamulo limamukakamiza kutenga khadi malinga ngati ali ndi 16 kapena kucheperapo, ndipo amaima akafika pa 17.

Mphamvu ya kasino yagona pa chinthu chimodzi: wosewera ndiye amayamba. Ukapitirira 21, ndalama yako yapita pomwepo, ngakhale wogawa atadzapitirira 21 pambuyo pake mu gemu yomweyo. Chimene chimabwezera wosewera mpata pang'ono ndi mphotho ya bulakijaki yeniyeniyo. Makhadi ako awiri oyamba akakhala A ndi khadi la 10, umalipidwa madola 15 pa madola 10 omwe unabetcha, pomwe wogawa akapeza makhadi omwewo amangokulanda madola 10 aja basi.

Mu 1956, asilikali anayi a ku Amereka odziwa masamu, Roger Baldwin, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott, anasindikiza njira yabwino koposa yosewerera makhadi alionse amene wosewera angalandire, poyang'ana khadi limene wogawa waonetsa. Njira imeneyi, yomwe inakonzedwanso pambuyo pake ndi makompyuta, ndiyo maziko a zonse. Munthu woitsatira osaphonya, pa tebulo la malamulo abwino, amaluza pafupifupi theka la dola pa madola 100 alionse amene wabetcha. Apa mpofunika kumvetsetsa: wosewera mwaluso kotheratu, koma wosawerenga makhadi, amakhala akuluzabe. Kuwerenga makhadi ndi ntchito yokankha theka la peresenti limeneli kuti lichoke kumbali ya kasino libwere kumbali ya wosewera.

Makhadi amene atuluka amasintha otsala

Pa njuga zambiri, zomwe zachitika kale sizikhudza zimene zikubwera. Madayisi akagwa pa 6 kasanu motsatizana, ulendo wachisanu ndi chimodzi mwayi wa 6 umakhala womwewo. Bulakijaki ndi yosiyana chifukwa khadi likaseweredwa limaikidwa pambali, silibwerera mpaka makhadi onse atasakanizidwanso. Paketi imodzi ili ndi makhadi 52, ndipo ma A ndi anayi. Onse anayi akatuluka mu gemu yoyamba, palibe amene angapezenso bulakijaki mpaka paketiyo itasakanizidwa. Ichi ndicho chimene Thorp anachiona n'kuchiyesa pa kompyuta ya IBM 704 pamene ankaphunzitsa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT.

Zotsatira zake zinaonetsa kuti makhadi akuluakulu, ma 10 ndi ma A, amakomera wosewera, pomwe ang'onoang'ono, makamaka 4, 5 ndi 6, amakomera wogawa. Zifukwa zake ndi zomveka. Makhadi akuluakulu akachuluka, bulakijaki imatuluka pafupipafupi, ndipo ngakhale imatulukira mbali zonse mofanana, wosewera yekha ndiye amalandira mphotho yowonjezera ija. Chachiwiri, wogawa akakhala ndi 12 mpaka 16 amakakamizika kutenga khadi, ndipo likakhala la 10 amapitirira 21, pomwe wosewera ali ndi ufulu woima. Chachitatu, wosewera amawirikiza ndalama akakhala ndi 10 kapena 11 poyembekezera khadi lalikulu, ndipo makhadi otere akachuluka chiyembekezocho chimapherezera kawirikawiri. Makhadi ang'onoang'ono amachita zosiyana: amapulumutsa wogawa. Khadi la 5 limasandutsa 16 yake kukhala 21.

Choncho wowerenga makhadi saloweza khadi lililonse monga mafilimu amaonetsera. Iye amangofuna kudziwa chinthu chimodzi: pa makhadi amene atsala, kodi akuluakulu achuluka kapena achepa kuposa mmene amakhalira nthawi zonse?

Kawerengedwe kake

Njira yofala kwambiri imatchedwa Hai-Lo. Anailengeza ndi Harvey Dubner mu 1963, ndipo Thorp anaiika m'buku lake pamene linasindikizidwa kachiwiri mu 1966. Makhadi amagawidwa m'magulu atatu. Ukaona 2, 3, 4, 5 kapena 6, umawonjezera 1. Ukaona 7, 8 kapena 9, suchita kanthu. Ukaona 10, J, Q, K kapena A, umachotsa 1. Mu paketi imodzi muli makhadi 20 owonjezera, 12 opanda kanthu ndi 20 ochotsera, kotero ukawerenga paketi yonse uyenera kuthera pa 0.

Tiyeni tione chitsanzo. Makhadi angosakanizidwa kumene, ndipo mumayamba pa 0. Mu gemu yoyamba patebulo patuluka makhadi awa: 5, 3, K, 6, 2, 9, 4, A, 6, 5, 10, 4. Mumtima mumawerenga motere: 5 ikukupatsani +1, 3 ikukufikitsani pa +2, K ikukubwezerani pa +1, 6 pa +2, 2 pa +3, 9 sisintha kanthu, 4 pa +4, A pa +3, 6 pa +4, 5 pa +5, 10 pa +4, ndipo 4 yomaliza ikukusiyani pa +5. Nambala imeneyi ndi chiwerengero choyenda, ndipo mumapitiriza nayo mu gemu yotsatira. Ikutanthauza kuti makhadi ang'onoang'ono amene atuluka aposa akuluakulu ndi asanu, choncho pa otsalawo akuluakulu aposa ang'onoang'ono ndi asanu.

Koma +5 payokha sinena zambiri. M'nthawi ya Thorp ankasewera ndi paketi imodzi. Masiku ano makasino ambiri amaphatikiza mapaketi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu m'bokosi limodzi logawira. Mapaketi asanu ndi limodzi ndi makhadi 312. Makhadi akuluakulu asanu owonjezera atabalalika pakati pa makhadi 300 otsala sasintha zinthu kwenikweni, pomwe asanu omwewo pakati pa makhadi 52 ndi nkhani yaikulu. N'chifukwa chake wowerenga amagawa chiwerengero choyenda ndi mapaketi amene atsala, n'kupeza chiwerengero chenicheni. Amayerekeza mapaketi otsalawo ndi maso, poyang'ana mulu wa makhadi oseweredwa amene aikidwa pambali. Pa chitsanzo chathu, +5 kugawa ndi mapaketi pafupifupi asanu ndi limodzi sikufika ngakhale pa +1. Palibe chifukwa chokwezera ndalama.

Akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wosavuta: chiwerengero chenicheni chikakwera ndi 1, mpata wa wosewera umakwera ndi pafupifupi theka la peresenti. Pa 0, kasino ili patsogolo ndi theka la peresenti. Pa +1 mbali zonse zimafanana. Pa +2 wosewera ali patsogolo ndi theka la peresenti, pa +3 ndi peresenti imodzi, pa +4 ndi peresenti imodzi ndi theka. Ntchito yaikulu ya wowerenga yagona pamenepa: kubetcha ndalama yochepa pamene chiwerengero chili pansi, n'kubetcha yambiri chikakwera.

Pali zosankha zingapo zimene zimasinthanso ndi chiwerengero. Chodziwika kwambiri ndi inshuwalansi. Wogawa akaonetsa A, amapereka mwayi woti mubetche kuti khadi lake lobisika ndi la 10, ndipo mukalondola mumalandira madola awiri pa dola iliyonse. Kuti kubetcha kotere kusakuluzitseni, khadi limodzi mwa atatu alionse otsala liyenera kukhala la 10. Nthawi zonse makhadi a 10 ndi anayi mwa 13 alionse, zomwe sizikwana, kotero wosewera wamba ayenera kukana inshuwalansi. Koma chiwerengero chenicheni chikafika pa +3, makhadi a 10 amakhala atachuluka mokwanira, ndipo wowerenga amailandira.

Chifukwa choyamba: makhadi amasintha pang'ono chabe

Tsopano tifike pa funso lenileni. Tiyerekeze kuti masewera apitirira, theka la bokosi latha, patsala mapaketi atatu, omwe ndi makhadi 156, ndipo chiwerengero choyenda chafika pa +12. Kugawa 12 ndi 3 kukutipatsa +4. Iyi ndi nthawi imene wowerenga amaidikirira kwa nthawi yaitali, ndipo amaika ndalama yake yaikulu.

Nanga m'bokosimo muli chiyani? Zinthu zikanakhala monga mwa nthawi zonse, pa makhadi 156 pakanakhala akuluakulu 60, ang'onoang'ono 60 ndi apakati 36. Pa +12 pali akuluakulu pafupifupi 66 ndi ang'onoang'ono 54. Kusiyana konse ndi kumeneko. Mwayi woti khadi lotsatira likhale lalikulu wachoka pa 38 mwa 100 kufika pa 42 mwa 100. Ndiye kuti ngakhale pa nthawi yabwino chonchi, khadi lotsatira kawirikawiri silikhala lalikulu. Mwayi wa bulakijaki wachoka pa kamodzi mwa magemu 21 kufika pa kamodzi mwa magemu 17, ndipo wogawa nayenso mwayi wake wakwera chimodzimodzi. Makhadi akuluakulu amene mukuwadikirira angathe kupita kwa iye, iye n'kukhala ndi 20, inu n'kutsala ndi 16.

Wosewera bwino amapambana magemu pafupifupi 43 mwa 100, amaluza pafupifupi 48 kapena 49, ndipo otsalawo amafanana mphamvu ndi wogawa n'kubwezeredwa ndalama yake. Chiwerengero chikakwera, manambala amenewa amasuntha pang'ono chabe, ndipo magemu oluza amakhalabe ochuluka kuposa opambana. Phindu limachokera pa mphotho ya bulakijaki ndi pa magemu owirikiza ndalama. Wowerenga makhadi sadziwa khadi limene likubwera. Amangodziwa kuti akanati asewere gemu yomweyo kambirimbiri, akanatsala ndi dola imodzi ndi theka pa madola 100 alionse.

Chifukwa chachiwiri: nthawi yabwino imabwera patalipatali

Makhadi akasakanizidwa bwino, akuluakulu ndi ang'onoang'ono amatuluka mosinthanasinthana, ndipo chiwerengero chimangozungulira pafupi ndi 0. Pa tebulo la mapaketi asanu ndi limodzi, magemu amene wosewera amakhala patsogolo sakwana limodzi mwa asanu alionse. Ena onsewo amakhala akulipira kasino kuti asunge mpando wake podikira.

Tiyeni tiwerengetsere magemu 100 ndi manambala osavuta, oyandikira zimene zimachitika pa tebulo lotere. Tinene kuti ndalama yochepetsetsa yobetcha ndi madola 10. M'magemu 85 chiwerengero chili pansi pa +2, ndipo wosewera akubetcha madola 10 pa gemu. Zonse pamodzi ndi madola 850, ndipo popeza ena mwa magemuwa chiwerengero chimatsika pansi pa 0, amaluzapo pafupifupi madola 7. M'magemu 11 chiwerengero chili pa +2 kapena +3, ndipo akubetcha madola 60 pa gemu. Amenewo ndi madola 660, ndipo phindu la peresenti imodzi likumupatsa pafupifupi madola 7, omwe akungobweza zimene analuza zija. M'magemu anayi otsala chiwerengero chili pa +4 kapena kuposa, ndipo akubetcha madola 120 pa gemu. Amenewo ndi madola 480, ndipo tikamupatsa peresenti ziwiri ndi theka, phindu ndi madola 12.

Pomaliza, munthuyu waika patebulo madola pafupifupi 2,000 ndipo phindu limene akuyembekezera ndi madola 12. Zili ngati wamalonda amene wapikula katundu wa K2,000 kuti akapindulepo K12. Onaninso kuti phindu lonselo latsamira pa magemu anayi okha mwa 100, ndipo kuti alipeze wafunika kukweza ndalama yake kuchoka pa madola 10 kufika pa 120. Akanati azingobetcha ndalama yofanana pa magemu onse, kuwerenga kwakeko sikukanamutulutsa m'gulu la oluza. Akakhala ndi malamulo abwino, luso lokwanira ndi ufulu wochoka patebulo chiwerengero chikatsika kwambiri, phindu lingakwere kufika pa peresenti imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kupitirira pamenepo n'kovuta zedi.

Chifukwa chachitatu: mwayi ndi tsoka zimaphimba phindulo

Madola 12 aja si ndalama imene munthu amapita nayo kunyumba magemu 100 akatha. Ndi avereji imene imaoneka pambuyo pa magemu masauzande ambiri. Zimene zimachitika pa tsikulo zimadalira mmene magemu anayi akuluakulu aja athera. Akaluza atatu mwa iwo, madola 360 apita. Gemu imodzi ya madola 120 ikawirikizidwa n'kulephera, ndi madola 240, omwe ndi phindu la magemu 2,000.

Masamu amatha kuyeza kukwera ndi kutsika kumeneku. Pa kabetchedwe ka chitsanzo chathu, zotsatira za magemu 100 zimasiyana ndi avereji ndi madola pafupifupi 370, kumtunda kapena kumunsi, ndipo kamodzi mwa katatu kusiyanako kumaposa pamenepo. Choncho munthu woyembekezera madola 12 angapezeke wapata 380 kapena waluza 360, ndipo zonsezi n'zachizolowezi.

Chimene chimathandiza wowerenga ndi nthawi. Magemu akachuluka kakhumi, phindu limakula kakhumi, pomwe kukwera ndi kutsika kuja kumakula pafupifupi katatu kokha. Koma nthawi yofunikayo ndi yaitali kuposa mmene ambiri amaganizira. Tinene kuti akusewera magemu 100 pa ola, zomwe zimatheka pa tebulo la anthu ochepa lokha. Akasewera maola 100, phindu loyembekezeka ndi madola 1,200 koma kusiyana kwachizolowezi ndi madola 3,700, ndipo mwa anthu atatu osewera chonchi osalakwitsa, mmodzi kapena kuposa amakhala ataluza. Akasewera maola 1,000, omwe ndi pafupifupi theka la chaka cha ntchito ya tsiku ndi tsiku, phindu loyembekezeka ndi madola 12,000, komabe mmodzi mwa asanu ndi awiri amakhala akadali m'munsi mwa pomwe anayambira.

Apa mpamene nkhani ya mpamba imalowera. Wowerenga amafunika ndalama yoti ipirire nyengo zoipa zimenezi. Pa chitsanzo chathu, munthu woyamba ndi madola 10,000, yemwe sachepetsa kabetchedwe kake zinthu zikavuta, angathe kutha psiti pafupifupi kamodzi mwa kasanu ndi kamodzi, ngakhale akuwerenga molondola. Kuti ngoziyo itsike kufika pa katatu mwa 100, amafunika madola 20,000. Ndalama yonseyi imaikidwa pachiswe kuti azipeza madola 12 pa ola. N'chifukwa chake amene anapindula kwambiri ndi nzeruyi, monga gulu la ophunzira a ku MIT la m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ankasewera ngati kampani: anthu ambiri, mpamba umodzi waukulu wochokera kwa oika ndalama, ena akuwerenga pa matebulo osiyanasiyana n'kumaitana mnzawo wobetcha zambiri chiwerengero chikakwera.

Vuto lina lobisika n'lakuti kukwera ndi kutsika kumeneku kumalepheretsa munthu kudziwa ngati akusewera bwino. Wowerenga molakwika angapambane mwezi wonse n'kudziyesa katswiri, pomwe wowerenga molondola angaluze miyezi itatu. Ndalama ya m'thumba si umboni. Umboni umapezeka poyeserera kunyumba: kuchotsa khadi limodzi mu paketi osaliona, kuwerenga otsalawo pasanathe masekondi 30, n'kunena ngati lochotsedwalo ndi lalikulu, laling'ono kapena lapakati. Wolephera zimenezi ali phee m'nyumba sangazithe mu kasino, momwe muli phokoso, wogawa wachangu ndi anthu omuyankhulitsa. Ndipo popeza phindu ndi laling'ono, zolakwa zochepa pa ola, monga kuyerekeza molakwika mapaketi otsala n'kubetcha madola 120 pamene chiwerengero chenicheni chili pa +1, zimatha kulidya lonse. Ngakhale kachiwongoladzanja ka madola 5 pa ola kopatsa wogawa kamatenga pafupifupi theka lake.

Chifukwa chachinayi: malamulo ali m'manja mwa kasino

Buku la Thorp litatchuka, makasino a ku Las Vegas anasintha malamulo mu 1964 kuti achepetse mpata wa osewera, koma anthu atayamba kuthawa matebulo anabwezeretsa malamulo akale posakhalitsa. Anaphunzirapo kuti pali njira zina zachete zotsekera mpatawo, ndipo ndi zimene akugwiritsa ntchito mpaka lero.

Yoyamba ndi kuchulukitsa mapaketi, monga taonera. Yachiwiri ndi khadi la pulasitiki limene wogawa amalowetsa chakumapeto kwa bokosi. Likatuluka, makhadi onse amasakanizidwanso ndipo chiwerengero chimabwerera pa 0. Pa tebulo labwino amadula paketi imodzi ndi theka mwa mapaketi asanu ndi limodzi. Akadula atatu, theka la makhadi silioneka n'komwe, ndipo chiwerengero chokwera, chomwe chimakonda kubwera chakumapeto pamene makhadi atsala ochepa, chimasowa. Makhadi akuluakulu amene mwawadikirira angathenso kukhala kuseri kwa khadi la pulasitikilo.

Yachitatu ndi kusintha malipiro. Matebulo ambiri tsopano amalipira madola 12 m'malo mwa 15 pa bulakijaki ya madola 10. Kusiyana kwa madola atatu kumaoneka kochepa, koma kumabwera kamodzi mwa magemu 21 alionse, ndipo kumawonjezera pafupifupi peresenti 1.4 kumbali ya kasino. Pa madola 2,000 a chitsanzo chathu, amenewo ndi madola 28, kuposa kuwirikiza kawiri phindu lonse la wowerenga. Mungazindikire tebulo lotere powerenga zolembedwa pa nsalu yake: lolipira bwino limati 3 pa 2, loipa limati 6 pa 5.

Yachinayi ndi makina osakaniza makhadi mosalekeza. Gemu ikatha, wogawa amabwezera makhadi m'makinamo nthawi yomweyo, kotero palibe khadi limene limakhala pambali nthawi yokwanira kuti kuwerenga kukhale ndi tanthauzo.

Kuwerenga makhadi ndi mutu wako si mlandu ku Amereka, ngakhale kuti ku Nevada kugwiritsa ntchito kachipangizo kowerengera n'koletsedwa ndi lamulo kuyambira mu 1985. Komabe kasino ya ku Nevada ili ndi ufulu wouza munthu kuti asiye kusewera. Ku New Jersey zinthu n'zosiyana: mu 1982 khoti lalikulu la m'deralo linagamula mlandu wa Ken Uston kuti makasino a ku Atlantic City sangathamangitse munthu chifukwa chowerenga makhadi. Makasinowo amangomuchepetsera ndalama imene angabetche kapena kusakaniza makhadi akangoona kuti wakweza ndalama. Kumugwira sikuvuta, chifukwa chimene chimamupatsa phindu ndi chomwecho chimene chimamuulula. Oyang'anira pa kamera nawonso amadziwa kuwerenga, ndipo munthu amene ndalama yake ikukwera ndi kutsika motsatira chiwerengero amaonekera poyera. Akafuna kubisala pokweza ndalama pang'ono pokha, phindu limatha.

Kwa amene amaona bulakijaki pa foni

Owerenga ambiri kuno kwathu sakumana ndi bulakijaki pa tebulo la kasino koma pa foni, pambali pa kubetcha mpira. Mfundo yofunika kwa iwo ndi yachidule. Pa bulakijaki imene kompyuta imagawa yokha, makhadi amasakanizidwa gemu iliyonse ikatha, kotero chiwerengero chimayambira pa 0 nthawi zonse ndipo palibe choti n'kuwerenga. Pa matebulo amene munthu weniweni amagawa makhadi akuonetsedwa pa kanema, kawirikawiri pamakhala mapaketi asanu ndi atatu ndipo amadulidwa chapakati, zomwe zimachotsa mpata pafupifupi wonse. Aliyense amene akukugulitsani maphunziro kapena pulogalamu yolonjeza kugonjetsa bulakijaki ya pa foni powerenga makhadi akukugulitsani chinthu chosagwira ntchito.

Kuwerenga makhadi n'koyenera kukudziwa chifukwa kumaonetsa bwino mmene njuga imagwirira ntchito. Ngati munthu wa luso lonse, wa mpamba wa madola masauzande ambiri, wosewera pa tebulo la malamulo abwino kwa maola mazanamazana, amangopeza pafupifupi peresenti imodzi ndipo angathe kuluzabe, ndiye kuti wosewera wamba, wodalira mtima wake ndi ndalama ya malipiro a mwezi, alibe njira yopezera phindu lokhazikika. Musanaike ndalama iliyonse pa bulakijaki, dziwani kuti ndalamayo ndi mtengo wa chisangalalo cha kanthawi, ndipo isakhale ya lendi, ya fizi ya ana kapena yangongole.